Kuwerenga chithunzi cha pepala la mankhwala: mlingo, njira ndi nthawi yake

M'masukulu ophunzitsa anamwino, madokotala ndi ogwira ntchito ku famase muli phunziro looneka ngati lophweka. Mphunzitsi amajambula ndi foni tsamba la buku lakuchipatala kapena chizindikiro cha pa botolo, amaphimba dzina la wodwala ndi la wolemba, n'kutumizira ophunzira chithunzicho. Mafunso amakhala atatu. Wodwala alandire mankhwala ochuluka bwanji pa nthawi imodzi? Mankhwalawo alowe m'thupi kudzera pati? Alandire kangati pa tsiku, ndipo kwa masiku angati?

Ophunzira ambiri amaganiza kuti akaloweza zidule za Chilatini ndiye kuti phunziroli alitha. Zidulezo ndi zochepa ndithu, munthu angaziloweze madzulo amodzi: od ndi kamodzi pa tsiku, bd kawiri, tds katatu, qds kanayi, nocte pogona, stat pompano kamodzi kokha, prn pokhapokha pakafunika. 5/7 ndi masiku 5, 2/52 ndi masabata 2, 1/12 ndi mwezi umodzi. Komatu amene amalakwa kwambiri si amene sazidziwa zidulezi. Ndi amene amazidziwa bwino, chifukwa diso lawo likakumana ndi chilembo chosaoneka, mutu umaikapo chimene unazolowera, ndipo mwiniwake sazindikira n'komwe kuti wangopeka. Amakumbukira kuti anaona tds pamene papepala panali kamzere kokhota ndi zilembo ziwiri.

Ine ndimakhulupirira kuti phunziroli lili ndi ntchito zitatu zimene siziyenera kusakanizidwa: kukopera zimene zikuoneka, kumasulira tanthauzo lake, ndi kutsimikiza ndi umboni wina wosachokera ku zilembo zomwezo. Tiyeni tiziyende pa tsamba limodzi lokonzedwera kalasi.

Tsambalo ndi la mwana wa zaka 3. Lajambulidwa lili pa desiki pafupi ndi windo, ndipo kuwala kwagwa mbali yakumanja. Wophunzira wosamala amayamba ndi kukopera chilembo ndi chilembo, osakonza kalikonse, ndipo pamene sakuona bwino amaikapo chizindikiro cha funso. Zimene walemba ndi izi:

```
3yrs   Wt 14kg
Amoxy syr 125mg/5ml  10ml ?ds x 5/7
PCM syr  ?.5ml qds prn
```

Zizindikiro ziwiri za funsozo ndizo mtima wa phunziro lonse. Wophunzira wothamanga sakanazilemba. Akanalemba tds ndi 2.5ml, pepala lake n'kuoneka laukhondo, koma palibe amene akanadziwa kuti malo awiriwo ndi ongoganizira.

Tisanalimbane ndi zilembo, tiyambe tafunsa ngati vuto lili mu dzanja la wolemba kapena mu chithunzi, chifukwa mavuto awiriwa amathetsedwa mosiyana. Chithunzi chimabweretsa zolakwa zakezake zimene pepala lenileni lilibe. Kuwala kumafufuta inki yopyapyala, ndipo choyamba kusowa ndi kadontho ka pakati pa manambala. Kadontho kakagwera pa mzere wosindikizidwa wa bukulo kamabisala. Mapepala a mabuku athu akuchipatala ndi opyapyala, kotero zolembedwa kuseri zimaonekera kutsogolo, ndipo kadontho ka tsamba lina kangathe kukhala pakati pa manambala a tsamba lino. Chithunzi chikadutsa pa WhatsApp mwachizolowezi chimachepetsedwa, timizere ting'onoting'ono n'kusungunuka. Kuchikulitsa ndi zala sikubweza zimene zatayika, kumangokulitsa chifunga. Ngati vuto ndi limeneli, yankho lake ndi kupempha chithunzi china: pepala ligonekedwe bwino, foni ikhale pamwamba pake mowongoka, tsamba lonse lilowe mpaka m'mphepete, ndipo chitumizidwe ngati chikalata kuti chisachepetsedwe. Ngati vuto ndi dzanja la wolemba, zithunzi khumi sizingathandize.

Tiyambe ndi mzere wachitatu, wa palasetamo wamadzi, amene ambiri timangoti panado. Nambala ya kutsogolo kwa kadontho ingakhale 2 kapena 7, mwinanso 1. Pali njira imene ophunzira ambiri saiganizira: kufananitsa chilembo chokayikitsacho ndi zilembo zina za dzanja lomwelo pa tsamba lomwelo. Wolemba ameneyu watipatsa kale zitsanzo. Mu 125mg muli 1 ndi 2 wake, mu 5/7 muli 7 wake. Kodi 7 wake amamudula ndi kamzere pakati? Kodi 2 wake ali ndi mchira wogona pansi, kapena amangotsika n'kuthera pomwepo? Kodi 1 wake ali ndi kachipewa kumutu? Pa tsamba lathuli, 2 wa mu 125 ali ndi mchira wautali pansi, pamene nambala yokayikitsayo ilibe mchira ndipo ili ndi denga lopingasa ngati 7 wa mu 5/7. Umboni wa maso ukulozera kwa 7.5.

Umenewo ndi umboni umodzi chabe, ndipo wachokera ku zilembo zomwezo. Wachiwiri uchokere ku thupi la mwana. Palasetamo wamadzi wa ana kawirikawiri amakhala ndi mamiligalamu 120 mu mamililita 5 alionse, ndipo mlingo wa mwana ndi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, pa kumwa kamodzi. Mwana wathu akulemera makilogalamu 14, ndiye ayenera kulandira pakati pa mamiligalamu 140 ndi 210. Tsopano tiyese manambala amene diso likuwakayikira kwambiri. Mamililita 7.5 ali ndi mamiligalamu 180, amene akugwera pakatikati pa malire aja. Mamililita 2.5 ali ndi mamiligalamu 60 okha, ongopitirira pang'ono mamiligalamu 4 pa kilogalamu, mlingo wa khanda, wosatsitsa kutentha kwa mwana wa zaka 3. Ndipo kadontho kaja kakanafufutika ndi kuwala, n'kuwerengedwa 75, mwanayo akanamwa mamiligalamu 1,800 nthawi imodzi, kakhumi kuposa mlingo wake, ndipo kubwereza zimenezo n'kuwononga chiwindi. Maso ndi masamu agwirizana pa 7.5.

Koma taonani chimene tachita mwakachetechete. Wolemba sanalembe mphamvu ya palasetamoyo. Mamiligalamu 120 mu mamililita 5 tawatenga m'mutu mwathu. Alipo palasetamo wina wamadzi wa mamiligalamu 250 mu mamililita 5, wa ana okulirapo, ndipo mamililita 7.5 a ameneyo ndi mamiligalamu 375, pafupifupi kuwirikiza kawiri mlingo wapamwamba wa mwana wathu. Ichi n'chifukwa chake mlingo wolembedwa mu mamililita okha ndi mlingo wosakwanira. Mamililita amanena kuchuluka kwa madzi, mamiligalamu ndiwo amanena kuchuluka kwa mankhwala. Wophunzira wabwino amalemba m'yankho lake kuti mphamvu sinalembedwe, ndipo 7.5 ikuyenera pokhapokha botolo likhale la 120mg/5ml.

Zidule qds prn zikakhala pamodzi sizitanthauza kuti mwana azimwa kanayi tsiku lililonse. Zikutanthauza kuti amwe akatentha thupi kapena akamva ululu, koma asapyole kanayi pa maola 24, ndipo pakati pa kumwa ndi kumwa padutse maola osachepera 4. Amene walemba "kanayi pa tsiku" basi wataya theka la langizo, ndipo mayi akapita kunyumba adzammwetsa mwana ngakhale thupi litazizira kale.

Mzere wa amokisisilini ndi wovutirapo, ndipo ndimaukonda chifukwa umaonetsa pamene njira zathu zimathera. Mlingo wake ndi womveka: botolo la mamiligalamu 125 mu mamililita 5, kumwa mamililita 10, ndiye kuti mamiligalamu 250 nthawi imodzi. Chovuta ndi chilembo choyamba cha ?ds. Kuwala kwagwa pomwepo, ndipo chikuoneka ndi kamzere koimirira kokhala ndi kanthu kumutu. Angakhale t wa tds, angakhale q wa qds.

Tifananitsenso. Mu Wt muli t wa wolembayu, mu qds ya mzere wa pansi muli q wake. q amatsika kupyola mzere, t amakwera. Koma pa chithunzi chathu mchira wa chilembocho wakumana ndi zilembo za mzere wa pansi, moti sitingadziwe ngati watsikadi. Apa maso alephera.

Tiyese kuchuluka kwa mankhwala operekedwa, njira imene kawirikawiri imagwira bwino ntchito. Munthu wamkulu akalemberedwa makapisozi a amokisisilini, kamodzi pa kumwa kulikonse kwa masiku 5, ndipo pambali palembedwa 15, nkhani yatha: 15 kugawa ndi masiku 5 ndi katatu pa tsiku, pamene kanayi pa tsiku kukanafuna makapisozi 20. Koma kwa mwana wathu mankhwala ndi amadzi, ndipo botolo lodziwika ndi la mamililita 100. Katatu pa tsiku kwa masiku 5 ndi mamililita 150, kanayi pa tsiku ndi mamililita 200. Konseko ndi mabotolo awiri. Ngakhale wa ku famase akanalemba pambali kuti wapereka mabotolo awiri, sitikanadziwa kanthu.

Kulemera kwa mwana nakonso sikudula mlandu. Katatu pa tsiku ndi mamiligalamu 750, pafupifupi 54 pa kilogalamu pa tsiku. Kanayi ndi mamiligalamu 1,000, pafupifupi 71 pa kilogalamu. Yonse iwiri ndi milingo imene mwana angalandire popanda ngozi. Chatsala ndi chizolowezi: amokisisilini amalembedwa katatu pa tsiku nthawi zambiri, kanayi si kawirikawiri. Koma chizolowezi si umboni wa zimene munthu uyu analemba tsiku limeneli. Ndipotu pa chibayo cha ana, malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse amapereka amokisisilini kawiri pa tsiku pa mlingo wokulirapo, kusonyeza kuti mankhwala amodzi omwewo alibe nthawi imodzi yokha.

Ndiye yankho lolondola pa mzerewu ndi lakuti mwina ndi tds, koma chilembocho sichikuwerengeka ndipo afunsidwe wolemba. Ophunzira ambiri amaona yankho lotere ngati kugonja. Mphunzitsi amene amapereka malikisi onse kwa wolemba tds molimba mtima, n'kumuchotsera wolemba "sizikuwerengeka", akuphunzitsa kalasi yonse kulosera. Lero kuloserako kwagwera pa amokisisilini, mankhwala okhululuka. Wophunzira yemweyo mawa adzalosera pa insulini.

Pa insulini cholakwa chake n'chodziwika padziko lonse. Wolemba akafupikitsa mayuniti ndi chilembo U, ndipo pakamwa pa U pakatsekeka pang'ono, 4U imaoneka 40 ndipo 10U imaoneka 100. Shuga wa wodwala amatsika mpaka kukomoka. Ku America, bungwe la Joint Commission, limene limayendera zipatala, linaletsa mu 2004 kulemba U ndi IU pofupikitsa mayuniti, pamodzi ndi QD, kamodzi pa tsiku, ndi QOD, kulumpha tsiku limodzi, zimene zimasokonezeka ndi QID, kanayi pa tsiku. Linaletsanso kulemba ziro pambuyo pa kadontho, monga 1.0 mg imene imasanduka 10 mg kadontho kakasowa, ndi kusalemba ziro kutsogolo, monga .5 mg imene imasanduka 5 mg. Pa chithunzi ngozi zimenezi zimakula, popeza kadontho ndiko koyamba kufufutika. Wophunzira akaona U pafupi ndi nambala, kapena µg, chidule cha mamaikulogalamu, amene dzanja lothamanga limamusandutsa mg, kusiyana kwake kukhala ka 1,000, aike chizindikiro cha chenjezo ngakhale akuona ngati wawerenga bwino.

Tibwerere ku tsamba lathu, pa funso la njira. Mukaliyang'ananso muona kuti po, kutanthauza kumwa, sanalembe paliponse. Wophunzira aliyense ayankha kuti ndi akumwa, ndipo akulondola, chifukwa syr ndi mankhwala amadzi akumwa. Koma ayenera kunena kuti njirayo waidziwa kuchokera ku mtundu wa mankhwala, sinalembedwe. Kusiyanitsa kumeneku kungaoneke ngati kuvutitsa ana asukulu, mpaka tifike pa majakisoni. Kumeneko im ndi kubaya mu mnofu, iv ndi mu mtsempha, sc ndi pansi pa khungu, pamene sl ndi kuika pansi pa lilime. Dzanja lotopa likamalemba m, timapiri take timagona, n'kutsala kamzere kokhota kofanana ndi v.

Chitsanzo chimene wophunzira aliyense ayenera kuchidziwa ndi cha mapenisilini awiri a mayina oyamba mofanana. Benzilipenisilini, amene m'mawodi amamutchula ndi chidule X-pen, amasungunuka bwino ndipo amaperekedwa mu mtsempha kapena mu mnofu kangapo pa tsiku. Benzathini penisilini, wa chindoko ndi woteteza mtima kwa amene anadwala nyamakazi ya mtima, ndi wolemera, woyera ngati mkaka, wopangidwa kuti akhale mu mnofu n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa masabata. Ameneyu akalowa mu mtsempha angaimitse mtima. Tsono wina akalemba Benz pen ndi kamzere kosadziwika ngati ndi im kapena iv, zilembo sizingakupulumutseni. Mlingo ndi nthawi zimathandiza: 2.4 MU, kutanthauza mayuniti 2.4 miliyoni, stat kapena kamodzi pa sabata, ndi kalembedwe ka benzathini, pamene kubwereza maola 6 alionse ndi ka benzilipenisilini. Apa mukuona kuti mafunso atatu aja si oima paokha. Dzina, mlingo, njira ndi nthawi ziyenera kugwirizana, ndipo chimodzi chikasemphana ndi zinzake ndiye kuti pali chimene chawerengedwa kapena kulembedwa molakwa.

Kusemphana kotereku kunanyalanyazidwa pa mlandu wotchuka wa ku Texas umene unagamulidwa mu 1999. Dokotala wa mtima analemba Isordil, mamiligalamu 20 maola 6 alionse, ndipo wa ku famase anawerenga Plendil. Mlingo ndi nthawi zinali zoyenera Isordil, koma Plendil amamwedwa kamodzi pa tsiku ndipo sapyola mamiligalamu 10. Wodwala analandira mamiligalamu 80 pa tsiku ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa. Dzina linali losawerengeka, inde, koma manambala anali kukuwa kuti dzinalo si limenelo.

Gawo lachiwiri la phunziro lathu ndi chithunzi cha botolo la amokisisilini limene mayi wa mwanayo wapatsidwa. Botolo ndi lobulungira, ndiye kamera imaona pakati pokha, m'mbali zilembo zimapanikizana n'kuzimirira. Chimene chimatayika kawirikawiri ndi nambala yoyamba kapena chilembo chomaliza. Pa chithunzi chathu, botolo litatembenuzidwa n'kujambulidwanso, pakuoneka 250mg/5ml, osati 125mg/5ml imene dokotala analemba. Izi zimachitika tsiku ndi tsiku, famase imapereka mphamvu imene ili nayo pa shelefu. Tsono mamililita 10 a botolo ili ndi mamiligalamu 500, kuwirikiza kawiri. Chimene dokotala anafuna ndi mamiligalamu 250, ndipo pa botolo ili ndi mamililita 5. Masamu ake ndi awa:

```
ml = (mg ofunika ÷ mg a pa botolo) × ml a pa botolo
(250 ÷ 250) × 5 = 5 ml
```

Wophunzira amene anakopera 10ml kuchoka pa pepala n'kuilemba pa botolo wawerenga chilembo chilichonse molondola, koma wapereka mlingo wolakwika. Ayang'anenso ngati zolembedwa ndi dzanja pa botolo zikugwirizana ndi mphamvu yatsopanoyo, chifukwa mayi adzatsatira za pa botolo, buku lakuchipatala lili m'chikwama. Ndipo mamililita 5 ayezedwe ndi kasupuni kapena kasirinji kobwera ndi mankhwala. Masupuni a tiyi a m'nyumba zathu ndi osiyana kukula.

Pamene pakufunika kufunsa wolemba, kafunsidwe nako n'koyenera kuyeserera m'kalasi. Funso loti "Ndi tds eti, adokotala?" ndi loipa, chifukwa munthu wotanganidwa amangoti eya. Labwino limatchula wodwala ndi mankhwala, n'kusiya wolembayo anene yekha: "Pepani adokotala, mwana uja wa makilogalamu 14 mwamulembera amokisisilini, mumafuna azimwa kangati pa tsiku?" Akayankha, wofunsayo abwereze zonse mokweza, mankhwala, mamiligalamu, njira, kangati ndi masiku, ndipo manambala ofanana kamvekedwe awatchule imodziimodzi, 15 akhale wani-faifi kuti asamveke ngati 50. Kenaka zilembedwe m'buku, pamodzi ndi nthawi ndi amene wafunsidwa. Wophunzira wachichepere amachita mantha kufunsa wamkulu, n'zoona, ndipo n'chifukwa chake mawu ofunsira ayenera kuzolowereka pakamwa asanafike mu wodi.

Yankho lathunthu la tsamba lathu likhale ndi zigawo zitatu pa mankhwala alionse: zimene zaoneka, tanthauzo lake, ndi umboni kapena chikayiko. Pa palasetamo: mamililita 7.5, akumwa ngakhale njira sinalembedwe, pakafunika, osapyola kanayi pa maola 24. 7 watsimikizika pofananitsa ndi 5/7 komanso ndi kulemera kwa mwana, koma mphamvu ya botolo ionedwe kuti ndi 120mg/5ml asanapereke. Pa amokisisilini: mamiligalamu 250, akumwa, kwa masiku 5, amene pa botolo loperekedwalo ndi mamililita 5 osati 10; kangati pa tsiku sizikuwerengeka, mwina katatu, ndipo chizindikiro cha pa botolo chisalembedwe mpaka wolemba atayankha.